Kapepala kamodzi ka Mulanje, Milange ndi Chipata: tilembe bwanji?

Anzanga, ndithandizeni nzeru. Tikukonza kapepala kophunzitsa alimi kusunga chimanga, kodzawerengedwa kuno ku Mulanje, kutsidya ku Milange, komanso ku Chipata. Ndalama zongokwanira kusindikiza kamodzi.

Dzina la chiyankhulo lativuta kale. Kuno ndi Chichewa kuyambira 1968, koma ku Zambia ndi ku Mozambique amati Chinyanja, ndipo ambiri kumeneko amalemba "c" pamene ife timalemba "ch": cimanga, cakudya. Ine ndikuti titsate "ch", poti owerenga ambiri ndi a kuno. Kodi mlimi wozolowera "cimanga" angakhumudwe nazo, kapena amangowerenga bwinobwino?

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi mawu obwereka. Ife timati Lolemba ndi Januwale, pamene anzathu a ku Milange azolowera masiku ndi miyezi ya Chipwitikizi. Mwezi wokolola tiulembe ndi nambala? Amene munalembapo zotere, munatani?