Za mafuta odzola aja, nazi zomwe ndapeza

Funso langa lija linali lakuti: "Ndimagulitsa sopo wopanga ndekha, ndipo ndikufuna kuwonjezera mafuta odzola. Ndingadziwe bwanji ngati anthu adzagula, ndisanalowetsepo ndalama zambiri?"

Zikomo nonse amene munandiyankha, makamaka inu amene munati ndisamangofunsa pakamwa. Ndinafunsa makasitomala anga 40, ndipo 31 anati adzagula. Ndinatsala pang'ono kuitanitsa mabotolo 200 tsiku lomwelo, koma ndinaugwira mtima.

Ndinapanga timabotolo 10 tongoonetsa, kenako ndinauza anthu 31 aja kuti wofuna botolo alipiriretu theka la mtengo, adzalandira pakatha milungu iwiri. Ndisanayambe ndinalemba m'kope kuti akapanda kukwana 15, ndisiya. Kulemberatu kumeneku kunandithandiza, chifukwa munthu ukaikonda ntchito yako umayamba kudzinamiza kuti ochepawo ndi okwanira. Analipira 9 okha. Enawo ankangoti "mawa", ndipo sindikuwaimba mlandu, ankangofuna kusandikhumudwitsa.

Anthu 9 aja ndinawapangira mafuta awo pogwiritsa ntchito ndalama zomwe analipiriratu. Patatha mwezi, amene anabwera okha kudzafuna botolo lachiwiri anali awiri basi. Mwina ena anali asanawamalize, koma nditawafunsa, anayi anati akunata kwambiri pakhungu.

Kulakwitsa kwanga n'kwakuti ndinayesa pa anthu ondidziwa okhaokha. Mwezi wamawa ndisintha kasakanizidwe, ndipange mabotolo 20, ndikawayese kwa anthu osandidziwa, pa mtengo wonse popanda kuchotsera.