Mafuta akanirira pakhoma la kukhitchini, ndithandizeni

Abale anzanga a kuno ku Thyolo, funso langa ndi ili. Ndimakazinga mandasi ndi tchipisi zogulitsa pa Bvumbwe, ndiye khoma la kumbuyo kwa mbaula ndi kukwera m'mwamba lachita kumata, mafuta asakanikirana ndi mwaye wa makala mpaka ukakhudza chala chimanamatira ngati ulimbo. Pomwe pali matailosi sipakuvuta, madzi otentha ndi sopo wa mbale zikuchoka bwinobwino. Vuto lili pamwamba pomwe pali penti ya madzi, ndikapukuta mafuta aja akungofalikira, ndikakwecha ndi sitiluwulu penti ikuchoka pulasitala kuonekera, nyumbanso ndi ya lendi ndiye ndikuopa a landilodi.

Ena akuti ndiphale soda ndi timadzi pang'ono ndimate ndisiye mphindi 15, ena akuti viniga, koma viniga ineyo ndikukayika chifukwa ndi wowawasa angadye pulasitala pomwe penti yachoka kale. Soda yo ndi yophikira therere yomweyi? Nanga phulusa silingakande khoma?

Komanso nyengo ya chiperoni ino khoma silikuuma msanga, ndikalinyowetsa kwambiri silichita nkhungu? Amene munayesapo pa penti ya madzi chonde ndiuzeni muyezo wake, masipuni angati pa lita imodzi.