Entile ya matayala ikukanidwa pa Verify, thiraki ili pa Mwanza

Ejenti wa Mwanza: Mabwana ndithandizeni. Ndili ndi entile ya matayala ochokera ku Joni, ma aitemu awiri, a thiraki 96 pa kodi ya msonkho 4011.20 ndi a magalimoto ang'onoang'ono 160 pa 4011.10. Ndikangodina Verify mu ASYCUDA World, sisitemu ya a kasitomu, ikundibwezera era yoti mapaketi komanso kulemera zomwe ndalemba zikuposa zomwe zatsala pa webilu. Nambala ya webilu mu bokosi 40 ndayiona kangapo ndi yomweyo ili pa pepala. Dalaivala akungondiimbira, mwini katundu nayenso ku Limbe wayamba kuyankhula zina.

Kabaza: Netiweki imeneyo achimwene, lero yavuta kwambiri. Tulukani mu sisitemu, mufufute kashi ya Java mulowenso, ine zimatheka choncho nthawi zonse

Mdala wa Limbe: Si netiweki ayi. Netiweki ikavuta sisitemu imangozizira kapena kukutulutsani, siyikuuzani za mapaketi. Ngati yafika ponena kuti mwaposa zomwe zili pa webilu ndiye kuti webiluyo yaipeza, yaiwerenga, ndipo yafanizira ndi zanu. Ndiye bokosi 40 lisiyeni lili bwino. Tatiuzeni zinthu ziwiri. Tsegulani webiluyo mu manifesiti muone yalembedwa mapaketi angati a mtundu wanji ndi makilo angati, kenako mutiuze zomwe mwalemba mu bokosi 31, 35 ndi 38 pa aitemu iliyonse.

Ejenti wa Mwanza: Webilu ikuti mapaleti 20, makilo 7,700. Ine mu bokosi 31 ndayika 96 pa aitemu yoyamba ndi 160 pa yachiwiri mmene zilili pa invoisi. Gross mass ndayika 7,700 konse konse poti ndi imene ili pa webilu, Net mass 5,760 ndi 1,440 kuchokera pa pakin'i lisiti.

Mdala wa Limbe: Basi nkhani yonse ili pomwepo mphwanga. Sisitemu ikamalandira entile imachotsera pa webilu zomwe mwadikileya, mapaketi ndi makilo omwe. Webilu ili ndi 20, inu mukufuna muchotsepo 256, sizingatheke. Bokosi 31 silifunsa kuti matayala ndi angati, limafunsa kuti katunduyo wapakiridwa mu zinthu zingati, ndiye apa ndi mapaleti. Nambala ya matayala ili ndi malo ake, bokosi 41 la Supplementary units, ndi momwe mulembe 96 ndi 160 wanuyo.

Za makilo nazo nchimodzimodzi. Bokosi 35 ndi la aitemu imeneyo yokha, osati thiraki yonse. Mukalemba 7,700 kawiri sisitemu imaphatikiza nkupeza 15,400, pomwe webilu ili ndi theka lake.

Sisi Dedza: Kapena angomuuza wa thiransipoti asinthe manifesiti ikhale mapisi 256, zigwirizane ndi invoisi. Ife tinapangapo choncho pa katundu wa mabatire ndipo zinadutsa bwinobwino

Mdala wa Limbe: Sisi, zimenezo zimachitika ngati manifesitiyo ndi imene yalakwika, mwachitsanzo katundu wabwera wosapakira koma wina walemba mapaleti. Apa funso ndi loti mu thirakimo muli chani. Ngati muli mapaleti 20 enieni ndiye manifesiti ikunena zoona, muisinthirenji? Komanso manifesiti ikalembetsedwa kale simungoisintha ngati meseji ya pa foni, pafunika kupempha a kasitomu ndi kufotokoza chifukwa, tsiku litha mukudikira pomwe entile yomwe sinaasesedwe mungaikonze nokha pa mphindi zochepa.

Sisi Dedza: Athu aja analidi osapakira, mwina nchifukwa chake. Koma ndikuti aonetsetse kaye, ma webilu ena amalembedwa ndi munthu woti katunduyo sanamuone nkomwe

Ejenti wa Mwanza: Ndamutuma mnyamata wakasuzumira pansi pa tenti, ndi mapaleti ndithu okulungidwa mu pulasitiki. Pakin'i lisiti ikuti 12 ndi a matayala a thiraki, 8 pa paleti iliyonse, ndipo mapaleti 8 ndi a ang'ono aja, 20 pa paleti. Koma Gross mass ya aitemu iliyonse sanalembe, angoyika yonse pamodzi pansi. Ndigawa bwanji?

Mdala wa Limbe: Werengani chonchi. Net mass yonse ndi 5,760 kuphatikiza 1,440, ikukwana 7,200. Webilu ikuti 7,700, ndiye 500 yotsalayo ndi ya mapaleti ndi pulasitiki. Gawani 500 ndi mapaleti 20 mupeza makilo 25 pa paleti, zomwe nzomveka pa paleti yamatabwa. Aitemu yoyamba ili ndi mapaleti 12, onjezani 300, Gross mass ikhala 6,060. Yachiwiri mapaleti 8, onjezani 200, ikhala 1,640. Mukaphatikiza muyenera kupeza 7,700 ndendende, isapose komanso isapelewere, chifukwa ikapelewera entile itha kudutsa koma webilu imatsala ndi makilo olendewera ndipo tsiku lina mudzafunsidwa kuti katundu wotsalayo ali kuti.

Muonenso kodi ya mtundu wa paketi mu bokosi 31 momwemo. Ngati munasankha ya mapisi isintheni ikhale ya paleti ngati ya pa webilu.

Wa Magalimoto: Ine yanga ikukana pa chesisi nambala, ndi Sienta yochokera ku Dar yalowera pa Songwe, ndi vuto lomweli kodi?

Sisi Dedza: Ayi baba yanuyo ndi ina. Yambani mwaona ngati simunalembe chilembo O pamalo pa 0, kapena mwasiya kamzere ka pakati, ma chesisi a ku Japani amavuta pomwepo. Yambitsani funso lanu padera tisasokoneze mnzathuyu thiraki ili pa boda

Ejenti wa Mwanza: Za mapaketi ndi makilo zatheka, era ija yachoka. Koma tsopano yatuluka ina, ikufuna chikalata chomwe sindinayike. Bokosi 36 ndasankha SADC pa ma aitemu onse awiri, satifiketi ya orijini ndili nayo ndipo ndaisikana kale ili mu Scan. Doc. pamodzi ndi invoisi ndi pakin'i lisiti, ndiye ikufunanso chani

Kabaza: Fayilo yakula imeneyo, sikanani ya bulaki endi waiti osati yamakala

Mdala wa Limbe: Kukula kwa fayilo kumavutadi koma kumaoneka pokweza, fayiloyo sikwera nkomwe. Yake yakwera. Chimene ambiri amaiwala nchoti matabu ndi awiri. Scan. Doc. ndi kosungira chithunzi cha pepala basi. Att. Doc. ndi komwe mumauza sisitemu kuti pepala lakuti ndili nalo, kodi yake ndi iyi, nambala yake ndi iyi, deti lake ndi ili, ndipo ndi la aitemu yakuti. Mukasankha SADC mu bokosi 36 sisitemu imakayang'ana ku Att. Doc. ngati mzere wa satifiketi wadzazidwa. Siyiwerenga zomwe zili mkati mwa sikani yanu, imeneyo adzaitsegula ofisala. Ndiye pitani ku Att. Doc. mulembe nambala ya satifiketi mmene ilili pa pepala ndi deti lomwe inadindidwa, osati la invoisi, anthu amangokopa deti limodzi paliponse.

Koma musanathamange, tawerengani satifiketiyo. Yatchula matayala onse 256 kapena ena okha?

Ejenti wa Mwanza: Eee yalemba 96 okha a thiraki aja. Ang'onowa palibe

Sisi Dedza: Ndimadziwa. Mnyamata wanu uja abwerere akawerenge m'mbali mwa tayala, pamalembedwa dziko lomwe anapangira

Ejenti wa Mwanza: Wajambula kudzera mu pulasitiki, alemba MADE IN CHINA. Koma katundu yense wagulidwa ku Joni kwa sapulaya mmodzi, invoisi ndi imodzi, wadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kuno pa thiraki imodzi

Mdala wa Limbe: Kugulidwa ku Joni sikupangitsa tayala kukhala la ku Joni. Bokosi 15 ndi dziko lomwe katundu watumizidwa kuchokera, limenelo ndi ZA pa entile yonse, palibe vuto. Bokosi 34 ndi komwe anapangidwa ndipo aitemu iliyonse ili ndi lake. Yoyamba ZA, bokosi 36 SADC, satifiketi mu Att. Doc. Yachiwiri CN, bokosi 36 lisiyeni lopanda kanthu, ilipire msonkho wonse. Sapulayayo sanaiwale ayi, sakanatha kupeza satifiketi ya SADC pa matayala omwe iyeyo anachita kuitanitsa ku China nkungowagulitsanso.

Ndipo apa chenjerani, chifukwa mukanangolemba nambala ya satifiketi yomweyo pa ma aitemu onse awiri Verify ikanatha kudutsa bwinobwino, sisitemu imangoona kuti mzere wadzazidwa. Zikanakagwidwa ndi ofisala potsegula sikani kapena poyendera katundu, ndipo pamenepo sitikambanso za era, tikukamba zoti mwadikileya orijini yabodza kuti msonkho utsike, ndipo dzina lomwe lili mu bokosi 14 ndi la kampani yanu.

Kabaza: Koma mwini katundu amuuza bwanji, ngati anamupatsa kale kotesheni ya SADC pa zonse ndiye pavuta pamenepo

Ejenti wa Mwanza: Ndi zomwe zandiimitsa mutu panopa. Iyeyo anandiuza pa foni kuti zonse ndi za SADC ndipo ndalama anatumiza ndi ya choncho. Ndakonza 34 ndi 36 pa aitemu yachiwiri, Att. Doc. ndadzaza ya aitemu yoyamba yokha, Verify yadutsa koma msonkho wakwera ndithu

Sisi Dedza: Ingosungani kaye ndi Store, musaasese. Mtumizireni chithunzi cha tayala chija ndi satifiketi, ayankhe pa meseji kuti wavomera figala yatsopanoyo. Mukaasesa kenako iye nkukana kulipira mukhala ndi entile yoti kuisintha mpaka mukapemphe kwa a kasitomu

Mdala wa Limbe: Apo sisi anena bwino. Ine ndikanaonjeza kuti mnyamatayo aone mapaleti onse 8, osati imodzi yokha ya kumapeto. Masapulaya ena amasakaniza mabulandi pa saizi imodzi, mutha kupeza mapaleti ena ndi a dziko lina, ndiye aitemu yachiwiriyo iyenera kugawidwa pawiri ndipo mapaketi ndi makilo muwerengenso.

Sisi Dedza: Izo nde ine sindikugwirizana nazo mdala, mnyamata azikwera pa thiraki ya eni ake kufukula tenti yonse katundu asanayenderedwe? Afunse sapulaya alembe orijini ya mzere uliwonse pa invoisi kapena pa kalata, ndi ntchito yake imeneyo

Mdala wa Limbe: Kalata ya sapulaya ibwera mawa kapena mkucha, thiraki ikudya ndalama pa boda. Koma chabwino, achite zonse ziwiri ngati dalaivala alola.

Ejenti wa Mwanza: Dalaivala wakana kumasula malamba, akuti mpaka ofisala akhalepo. Ndalembera sapulaya pa imelo, entile ndasunga. Mwini katundu wawerenga meseji koma sanayankhe, akuti ali mu msonkhano

Wa Magalimoto: Yanga ija inalidi O, yadutsa