Zimene ndinapeza mu imelo ija ndisanaitumize

Funso langa lija linali lakuti: "Ndalemba imelo yokumbutsa kampani yotigulitsa katundu kuti yachedwa kutumiza, kodi ndiunike chiyani ndisanaitumize?"

Ndabweranso kuti ndifotokoze mmene zinathera. Imeloyo ndinaisiya kaye usiku umodzi, ndipo m'mawa ndinaiwerenga mokweza ngati kuti woilandira ndine. Mawu oyambirira akuti "monga tinakuuzani kale" anamveka okalipa, choncho ndinalemba kuti "potsatira zimene tinagwirizana pa 3 Malichi", chifukwa kutchula tsiku kumakumbutsa munthu popanda kumuloza chala.

Vuto lalikulu linabisala m'chiganizo chimene ndinkachiona ngati chomveka bwino kwambiri: "Tidzalipira ndalama zotsala katundu akafika Lachisanu likubwerali." Mnzanga wa kuntchito, amene nkhaniyi sankaidziwa n'komwe, atachiwerenga anandifunsa ngati Lachisanulo linali tsiku lofika katundu kapena lolipira, ndiponso ngati "kufika" kunatanthauza kutsitsidwa m'galimoto kapena kuwerengedwa ndi kuvomerezedwa. Kunena zoona, mafunso awiriwa anandidetsa nkhawa, popeza mkangano wa ndalama ukanayambira pomwepo.

Chiganizocho ndinachigawa pawiri: "Tikupempha kuti katundu afike pasanadutse Lachisanu, pa 14 Malichi. Ndalama zotsala tidzalipira pasanathe masiku 7 kuchokera tsiku limene tidzasaine kuti katunduyo ndi wokwanira." A kukampaniyo anayankha movomereza masiku onsewo, osafunsanso china chilichonse.