Funso la VRIO: pa zinthu zinayi za kampani yathu, ndi chiti chomwe anzathu sangakopere?

Membala wosatchula dzina:
Akuluakulu pagulu pano ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito pa kampani yokonza mafiriji akuluakulu a m'mafakitale ndi mosungira katundu wozizira, timasaina kontirakiti ndi kasitomala kuti tizisamala mashini ake chaka chonse. Chaka chamawa mabwana akufuna aike ndalama pa chinthu chimodzi basi, nde andiuza ndipange VRIO kuti tione chimatisiyanitsa ndi chani ndi anzathu opikisana nawo, akuluakulu alipo anayi. Ndalemba zinthu zinayi. Magalimoto atsopano ndi zida zoyezera zomwe tinagula chaka chatha. Kontirakiti ya zaka 3 yoti masipeya a mtundu wina tizigulitsa ife tokha. Mmisiri wathu wamkulu, bambo amene amangomva kulira kwa kompuresa nkudziwa chavuta. Ndi makadi a ntchito a zaka 12, paliponse pomwe tinakonza mmisiri amalemba chinafa ndi chani, anasintha chani. Abwana akuti yankho ndi zida ndi magalimoto chifukwa mpomwe panalowa ndalama zambiri, tiwonjezere zomwezo. Ine mtima ukukana koma mawu oti ndikawauze ndilibe. Ndiyambire pati?

Wa zamalonda:
Asisi ingojambulani tebulo la makona anayi lija, mphamvu, zofooka, mwayi ndi ziopsezo, mukamaliza mabwana akhutira.

Mlangizi wa makampani:
Achimwene imeneyo ndi SWOT, yosiyana. SWOT imakulolani kulemba chilichonse chomwe mukunyadira nacho kuti ndi mphamvu. VRIO imatenga mphamvu iliyonse nkuifunsa mafunso anayi motsatana, ndipo mukangopeza ayi mumaima pomwepo. Anaikonza ndi pulofesa wa za mabizinesi Jay Barney, maganizo ake anayamba kuwalemba mu 1991 ndipo mu 1995 ndi pomwe anaika mafunso anayi tikugwiritsa ntchitowa.

Asisi, funso la V ndi loti chinthuchi chikupangitsa kasitomala kulipira zambiri kapena chikutsitsa ndalama zomwe mumaononga? R ndi loti ndi angati mwa anzanuwo ali nacho. I ndi loti amene alibe, zingamutengere ndalama zingati ndi nthawi yotalika bwanji kuti achipeze, kapena apeze china chogwira ntchito yomweyo. O ndi loti kampani yanu inadzikonza kuti izidyerera chinthucho? Onani kuti palibe funso loti munagula ndalama zingati. Tiyambe ndi za abwana anuzo, mwa anayi aja ndi angati ali ndi zida ngati zanu?

Membala wosatchula dzina:
Awiri ali nazo ndithu, wachitatu ndamva kuti waoda kale.

Mlangizi wa makampani:
Basi zathera pa R. V yake ndi eya, popanda zidazo bwenzi mukutaya makasitomala, nde musakanene kuti zinali zosafunika. Koma zimangokufikitsani pomwe pali anzanu. Ndipo ngakhale mukanakhala nokha, wopanga zidazo amagulitsa kwa aliyense wobwera ndi ndalama, nde kutsogola kwanu kukanatha tsiku lomwe katundu wa mnzanu wafika. Chinthu chomwe chili ndi mtengo wolembedwa pamsika sichimadutsa pa I kawirikawiri.

Kontirakiti ya masipeya ikudutsa V ndi R, muli nokha. Pa I ndifunse ziwiri. Masipeya opangidwa ndi makampani ena amalowa pa mashini omwewo? Ngati amalowa, mnzanu sakufunika kukopera kontirakiti yanu, angoilambalala. Chachiwiri zaka 3 zikatha mwini masipeya adzaona kuti mwapindula, adzakweza mtengo kapena kuitana anzanuwo kuti apikisane nanu. Nde imeneyo lembani kuti ndi kutsogola kwa kanthawi, idyereni pano koma musamangepo tsogolo la kampani.

Injiniya wopuma:
Ine ndagwira ntchito m'mafakitale moyo wanga wonse ndipo ndikuuzani mwana wanga, yankho ndi mmisiriyo, palibenso china. Khutu limene lija silimagulidwa mushopu. Mafunso onse anayi ndi eya eya eya eya. Mukwezereni malipiro nkhani ithe.

Mlangizi wa makampani:
Bambo pa V ndi R ndikuvomerezani, ngakhale pa luso lenilenilo kuti ndi lovuta kutengera. Koma luso lija lili m'mutu mwa munthu amene madzulo aliwonse amatuluka pageti nkupita kwawo. Mnzanu sakufunika zaka 20 zophunzitsa munthu wake, angomuimbira foni wanuyo ndi malipiro okwera. Mukamukwezera kuti asachoke, phindu lomwe luso lake limabweretsa likupita m'thumba mwake, zomwe ndi zabwino kwa iye, koma ife tikuyeza zomwe kampani ingasunge.

Injiniya wopuma:
Apo sindikugwirizana nanu konse. Ndaonapo amisiri odziwa atasamuka nkukhala wamba kumene apitako, chifukwa kuno anali ndi anyamata omwe anawazolowera, wa kusitolo amadziwa sipeya yomwe akufuna asanamalize kuyankhula, makasitomala amamukhulupirira akanena kuti zimitsani mashini lero. Zimenezo sanyamula m'chikwama.

Mlangizi wa makampani:
Mfundo yamphamvu imeneyo bambo, ndipo Barney yemweyo anaitchula ngati chimodzi mwa zifukwa zomwe kukopera kumavutira, zinthu zomwe zili m'maubale a anthu ambiri osati mwa munthu mmodzi. Koma mukatero mwasintha chomwe tikuyeza, sitikuyezanso mmisiri, tikuyeza gulu lonse. Asisi ndi amene angadziwe kuti kwawoko ndi ziti. Bamboyo akapita kutchuthi ntchito imayenda bwanji?

Membala wosatchula dzina:
Zing'onozing'ono zimayenda bwinobwino, koma zovuta zimadikira abwere, nthawi zina anyamata amawaimbira ali kutchuthi konko. Nde kaya tiziika mbali iti.

Mayi wa zosindikiza:
Pepani ndilowerere, ine ndili ndi kampani yosindikiza ndipo ndapanga makina anga opindira mapepala, ndikalembetsa patenti sindiye kuti I yanga yatheka mpaka kalekale?

Mlangizi wa makampani:
Mayi patenti m'maiko ambiri ndi zaka 20 kuchokera tsiku lomwe mwapereka pempho, ndipo kuti akupatseni mumayenera kulemba poyera momwe chinthucho chimagwirira ntchito, anzanu amawerenga nkufuna njira ina yofikira pomwepo. Imathandiza koma siyotseka zonse. Yambitsani funso lanu padera tikambirane bwino.

Asisi tibwerere ku makadi aja, ine mpomwe maso anga ali. Pa R, anzanu sangakhale ndi mbiri ya mashini omwe mwakhala mukukonza inu. Pa I ndi pomwe pali mphamvu, chifukwa mbiri ya zaka 12 imafuna zaka 12, munthu atabwera ndi ndalama zochuluka bwanji sangaipange m'miyezi 6. Zinthu zomwe zimaunjikana pang'onopang'ono chonchi ndi zomwe zimakonda kudutsa pa I. Koma V musangoiganizira, iyezeni. Tengani maulendo a chaka chimodzi muwagawe pawiri, mashini omwe muli ndi mbiri yawo yaitali ndi a makasitomala atsopano. Mbali iliyonse werengani kuti pa maulendo 100 ndi angati omwe vuto linatheratu ulendo woyamba osabwereranso. Musaiwale kufananiza mashini a zaka zofanana, chifukwa akale amafa pafupipafupi mwachibadwa ndipo angakusokonezeni. Koma ndifunse kaye, makadiwo ali kuti ndipo amawawerenga ndani?

Membala wosatchula dzina:
Ali m'makatoni kusitolo, anawasanja motsata mwezi osati motsata kasitomala, nde kuti upeze mbiri ya firiji imodzi uyenera kutsegula makatoni onse. Mmisiri akamapita kokonza satenga chilichonse, akabwera amalemba khadi latsopano nkuponya momwemo, ena amangolemba kuti zakonzedwa basi. Komanso bonasi yawo imawerengedwa pa kuchuluka kwa maulendo omwe wayenda pamwezi.

Mlangizi wa makampani:
Nde O yanu ndi ayi, ndipo mwaitchula nokha malo atatu. Kasanjidwe sikalola munthu kupeza mbiri, palibe lamulo loti aiwerenge asananyamuke, ndipo bonasi ikulipira kubwerera. Munthu amene amapeza zambiri akapita kawiri pa firiji imodzi sangataye mphindi 15 akulemba khadi lothandiza kuti mnzake adzapite kamodzi. Izinso zikutanthauza kuti kuwerenga ndinakuuzani kuja mwina sikuonetsa kusiyana kulikonse, osati chifukwa makadi ndi opanda phindu koma chifukwa palibe akuwagwiritsa ntchito. Nde panganiko chonchi, sankhani makasitomala 10 akale, sonkhanitsani mbiri ya mashini awo papepala limodzi firiji iliyonse, mmisiri aziwerenga asanapite, muyese miyezi ingapo kenako mufananize ndi makasitomala akale ena omwe simunawakhudze.

Zoterezi zinachitikirapo makampani akuluakulu. Xerox inatsegula malo ofufuzira a PARC mu 1970, ndipo pofika 1973 anali ndi kompyuta ya Alto yokhala ndi mausi ndi zithunzi pasikirini. Inali ya phindu, yosowa, yovuta kupanga. Koma O yake inali ayi, kampaniyo inali itadzikonza kugulitsa mashini a fotokope. Steve Jobs wa kampani ya Apple anakaona zinthuzo mu 1979, ndipo kompyuta ya Apple ya Macintosh, nayonso yokhala ndi mausi ndi zithunzi pasikirini, inatuluka mu 1984.

Wa ma akaunti:
Ine ndiponyeko madzi ozizira pang'ono. Mafiriji atsopano ambiri akubwera ndi masensa omwe amalemba okha kutentha ndi mphamvu ya gasi nkutumiza kwa wopanga kapena kwa mwini wake. Makasitomala anu akasintha mashini, mbiri ya zaka 12 ija ikhala ya mashini omwe kulibenso, ndipo wina adzakhala ndi mbiri yabwino kuposa ya pamanja. Komanso werengani makontirakiti anu, ena amanena kuti zolemba zonse za mashini ndi za kasitomala, akachoka amapita nazo kwa mnzanu.

Mlangizi wa makampani:
Zoona zonse ziwiri, ndipo apa mpomwe VRIO imafooka, imajambula za lero, sikuuzani kuti V ya lero idzakhalapo mpaka liti. Kutsogola kokhalitsa komwe imanena ndi koti anzanu ayesa kukopera alephera, osati kuti msika sudzasintha. Nde mulipoti lanu muikemo kuti mashini a makasitomala anu ali ndi zaka zingati ndipo angati asinthidwa posachedwa. Ngati ambiri atsala ndi zaka 8 kapena 10, makadi ndi ofunika kuikapo ndalama. Ngati theka lisinthidwa m'zaka 2 nkhani yasintha.

Injiniya wopuma:
Sensa imakuuza kuti kutentha kwakwera, siikuuza kuti pafakitale ija amatsekereza mpweya ndi makatoni kumbuyo kwa firiji. Zimenezo zili pa khadi ndi m'mutu mwa mmisiri. Mumukhazike pansi bamboyo ndi makadiwo azifotokoza wina azilemba, asanapume ntchito.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo nonse. Za zida ndi kontirakiti ndamva ndipo ndikudziwa zokanena. Za makasitomala 10 zija ndikapempha chilolezo. Chomwe chikundivutabe ndi bonasi, amisiri anazolowera ya maulendo ndipo ndikakhudza pamenepo ena aona ngati tikuwadula malipiro. Alipo amene anasinthapo bonasi kuchoka pa maulendo kupita pa kukonza kamodzi nkutheratu, munawerengera bwanji kuti munthu asaluze mwezi woyamba?