Oonerera phunziro lachitsanzo la masamu a Sitandade 3 aziyang'ana chiyani?

Moni nonse aphunzitsi anzanga.

A PEA andipempha kuti ndikaonetse phunziro lachitsanzo ku TDC ya zoni yathu. Mutu wake ndi kuchotsera kobwereka, monga 52 − 27, ndi ana a Sitandade 3 ochokera pasukulu yoyandikana. Tidzagwiritsa ntchito timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi: mwana amasule mtolo umodzi, atsale ndi mitolo 4 ndi timitengo 12, kenako achotse 7 ndi mitolo 2.

Phunzirolo ndakonza. Chandivuta ndi pepala la oonerera. Fomu yoyendera aphunzitsi ndaiona, koma imayesa mphunzitsi: mawu, bolodi, nthawi. Ndinayesa phunziroli pasukulu pathu ndi mafunso anga ambirimbiri, anzanga nkungolemba kuti “zinali bwino”. Buku la mphunzitsi silinenapo kanthu.

Ine ndikufuna maso awo akhale pa ana. Mwana akapeza 35 m'malo mwa 25, pali njira ziwiri: wachotsa 2 pa 7 chifukwa 7 ndi wamkulu, kapena wabwereka koma waiwala kuchepetsa 5 kukhala 4. Yankho ndi limodzi, matenda ndi awiri, ndipo woonerera wokhala kumbuyo sangasiyanitse.

Ndiye ndithandizeni. Kodi woonerera aliyense ndimupatse gulu limodzi la ana, azilemba zimene akunena ndi kuchita pomasula mtolo? Aziloledwa kufunsa mwana kuti “wapeza bwanji”, kapena zimenezi zimasokoneza phunziro? Amene muli ndi pepala lalifupi lomwe linakuthandizani, chonde ndigawireni.