Pete keshi yaperewera K14,500, ndiyambire pati?

Funso: Akuluakulu a za maakaunti thandizeni. Ndili pa atachimenti pa kampani ina pa Kasungu boma pano, mwezi wachiwiri uno. Bwana andipatsa keshibuku ya pete keshi ndi failo ya mavawucha kuti ndilinganize tisanapemphe ndalama zina. Fuloti yake ndi K150,000. M'buku zotuluka zonse zikukwana K104,000 ndiye m'kabokosi mumayenera kutsala K46,000, koma titawerenga ndi amayi osunga keshi tapeza K31,500 basi, ma K5,000 anayi, ma K2,000 anayi, ma K1,000 atatu ndi K500 imodzi. Ndawonkhetsa katatu pa kalikyuleta yankho lomwelo. Amayiwa ndi akulu ngati mayi anga, sindingawafunse ngati ndikuwaganizira zakuba ayi, komanso lipoti likufunika Lachisanu.

Wa ku Santhe: Ona matcheke omwe anthu sanakatape ku banki, komanso machaji a banki omwe sunalowetse. Nthawi zambiri vuto limakhala pamenepo.

Akauntanti wopuma: Achimwene a ku Santhe, zimenezo ndi za keshibuku yayikulu mukamayilinganiza ndi sitetimenti ya banki. Apa ndi ndalama za m'kabokosi, banki siyikukhudzidwa, kupatula kuwona ngati tcheke chowonjezera fuloti chomwe chinatuluka m'buku lalikulu chinalowa ndendende m'buku laling'onoli. Mwana wanga, wati wawonkhetsa katatu, koma wawonkhetsa buku kapena mavawucha? Ngati nambala inalembedwa molakwika m'bukumo ungawonkhetse mpaka mawa yankho silisintha. Tseka buku, wonkhetsa mavawucha pawokha. Komanso khuthula kabokosi konse, pansi pa thireyi pamabisala timapepala.

Mwini funso: Zikomo bambo. Pansi pa thireyi papezeka kapepala kong'amba m'kope, adalaivala anatenga K10,000 pa 14 yoti akamatitse tayala, sanabweze risiti kapena chenje. Yatsala K4,500. Mavawucha sindinamalize, alipo 37.

Akauntanti wopuma: Gawa 4,500 ndi 9. Ikutuluka 500 yopanda chotsala. Zikatero kawirikawiri wina anatembenuza manambala awiri oyandikana polemba, ndipo 500 imeneyo ikukulozera malo: nambala ya masauzande ndi ya mahandiredi, zosiyana ndi 5. Ndiye saka m'buku zinthu ngati 1,600, 2,700, 3,800 kapena 4,900 uyerekeze ndi vawucha yake. Poti buku likuwonetsa ndalama zotsala zambiri kuposa zenizeni, m'bukumo munalembedwa yaying'onoyo. Si lamulo ayi, vawucha ya K4,500 yomwe sinalowetsedwe ingachitenso chimodzimodzi, ndiye onanso ngati manambala a mavawucha akutsatana osadumpha.

Anamasina: Ife kwathu zikatere timangolemba vawucha ya zinthu zosiyanasiyana nkutseka mwezi, 4,500 ndi ndalama yoti munthu asagone nayo tulo?

Akauntanti wopuma: Chemwali, vawucha yopanda risiti yolembedwa tsiku lotseka, ndalama yake yofanana ndendende ndi yoperewera, maodita amayamba kutola imeneyo. Ndipo sayini yomwe ili pamenepo ikhala ya mwanayu.

Mwini funso: Yapezekaaa! Vawucha nambala 22, shuga ndi masamba a tiyi, risiti ikuti K7,200 koma m'buku analemba K2,700. Ndiye mavawucha ndi K108,500, kuphatikiza K10,000 ya adalaivala ndi keshi K31,500, yakwana K150,000. Ndifute ndi tipeksi?

Akauntanti wopuma: Tipeksi ayi. Dula mzere umodzi kuti yakale iziwonekabe, yolondola ilembedwe pamwamba, ndipo akonze ndi kusayina ndi amayi osunga keshiwo poti buku ndi lawo, iwe ungowawonetsa risiti. Popempha ndalama upemphe K108,500 osati K118,500. Kapepala ka adalaivala sikanakhale ndalama yogwiritsidwa ntchito, ndi ngongole mpaka abweretse risiti kapena ndalamayo, ukalembe pa mzere wakewake mu lipoti. Mavawucha akalipidwa adindidwe pamodzi ndi marisiti ake kuti asadzabwerenso mwezi wamawa.

Mwini funso: Nanga awa: mavawucha anayi a kabaza, K2,000 iliyonse, opanda risiti. Ndipo pa awiri wolandira ndi wovomereza ndi munthu mmodzi.

Wa ku Santhe: Wakabaza risiti ayitenga kuti kkkk. Bola palembedwe tsiku, kochokera, kopita ndi chomwe anakachita, bwana asayine.

Anamasina: Kwathu odita anawakana amenewo, anati wakabazayo azisayinanso ndi nambala ya foni. Tinayesa mwezi umodzi anyamata ake ankangothawa.

Akauntanti wopuma: Za kabaza zitengera malamulo a kampani yanu, funsa ngati analemba penapake. Koma awiri odzivomereza yekhawo usawasiye, uwalembe mu lipoti ndi manambala ake.

Mwini funso: Vuto wodzivomerezayo ndi bwana amene ndikukawapatsa lipotilo.